Bulichi pa tsitsi lomwe lili ndi rilakisa: kodi mankhwala a bondi angaliteteze?

Funso: Zikomo. Tsitsi langa ndi lakuda komanso lopotana kwambiri. Ndinasiya kuika rilakisa miyezi 8 yapitayo, ndiye kumizu kwamera lachilengedwe koma kunsonga kudakali lowongoka lija. Ndikufuna kulisintha kuti likhale la mtundu wa uchi. Ku saluni andiuza kuti akathira Olaplex mu bulichi silingaduke ngakhale pang'ono. Kodi ndi zoona, kapena angofuna ndalama yowonjezera?

Yankho: Achemwali, mankhwalawo si achinyengo, ndipo pa tsitsi lanu lakumizulo ine ndikanawathira ndithu. Chimene sindikuvomereza ndi lonjezo lakuti silingaduke ngakhale pang'ono. Pamutu panu pali tsitsi la mitundu iwiri, ndipo mankhwala a bondi, monga Olaplex, adzathandiza mtundu umodzi kwambiri kuposa unzakewo. Kuti muone chifukwa chake, tiyambe taona zimene bulichi amachita akalowa m'kati mwa tsitsi.

Tsitsi lililonse lili ndi khungu lakunja la timamba tosanjikizana, ndiponso mtima wam'kati umene uli ndi mphamvu zonse komanso mtundu wake. Mtimawo ndi wopangidwa ndi puloteni yotchedwa keratini, imene ili ngati timaulusi titalitali toyalana m'litali mwa tsitsi. Timaulusi timeneti sitimangogundana chabe, timagwirana m'mbali, ndipo malo ogwiranawo ndi amene a ku saluni amawatcha mabondi. Ena mwa mabondiwa ndi ofooka koma ndi ambirimbiri. Amamasuka tsitsi likanyowa n'kugwirananso likauma, n'chifukwa chake tsitsi lolukidwa lili lonyowa limasunga mapindikidwe ake mpaka mutalichapanso. Ena amadalira kuchuluka kwa asidi m'tsitsi, ndipo amamasuka mankhwala amphamvu akalowa n'kubwerera tsitsi likabwerera mwakale. Koma alipo ena olimba kwambiri, amene madzi sangawamasule. Awa amapangidwa ndi maatomu awiri a salufa ogwirana, limodzi lochokera ku kaulusi aka, lina ku kaulusi kapafupi. Taganizirani makwerero: mitengo iwiri italiitali ndi timaulusi tija, ndipo timitengo topingasa topondapo ndi mabondi a salufa. Mukachotsa kamtengo kamodzi kapena tiwiri makwerero amaimabe, koma mukachotsa tambiri, mitengo iwiri ija imatagada munthu akangopondapo.

Bulichi ndi zinthu ziwiri zosakanizidwa. Pali ufa, umene uli ndi mchere wotchedwa pesalufeti pamodzi ndi mankhwala otupitsa tsitsi, ndiye pali divelopa, amene ndi haidirojeni perokisaidi. Manambala amene mumaona pa botolo la divelopa amanena mphamvu yake: voliyumu 10 ndi 3 peresenti, voliyumu 20 ndi 6 peresenti, voliyumu 30 ndi 9 peresenti ndipo voliyumu 40 ndi 12 peresenti. Tsitsi lili bwinobwino limakhala pa pH, muyezo umene nambala yake imatsika asidi akachuluka, ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene bulichi wosakanizidwa amakhala cha m'ma 10 kapena 11. Kusiyana kumeneku kumatupitsa tsitsi, timamba tija timatukuka, ndipo mankhwala amalowa m'kati kukaphwanya melanini, chimene chimapatsa tsitsi kuda kwake.

Vuto ndi lakuti bulichi sasankha. Mphamvu yomwe ikuphwanya melanini ndi yomweyonso imene ikugwira mabondi a salufa. Ndipo sikuti imangowamasula n'kuwasiya: imadula pakati pa maatomu awiri aja, kenako imaunjikira okosijeni pa salufa aliyense mpaka asanduke chinthu china, chotchedwa asidi wa sisiteyiki. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Salufa akafika pamenepo sangagwiranenso ndi mnzake, kaya muthire mankhwala otani. Palibe botolo lililonse pamsika limene limabweza asidi wa sisiteyiki kuti akhalenso bondi. Kuwonjezera apo, bulichi amakokolola kamafuta kochepa kwambiri kamene kamakhala komatirira pa timamba takunja, kamene kamapangitsa tsitsi kuterera ndi kusamwa madzi msanga. Akonso kakapita sikameranso pa tsitsi lomwelo.

Tsopano mankhwala a bondi amalowa pati? Mtundu umenewu wa mankhwala unatchuka mu 2014 pamene Olaplex inatuluka ku California, itapangidwa ndi akatswiri a kemisitiri awiri, Craig Hawker ndi Eric Pressly. Mukatembenuza botolo mudzapeza dzina lakuti bis-aminopropyl diglycol dimaleate. Kampaniyo imafotokoza kuti chinthu chimenechi chili ndi mbali ziwiri zogwirira, ndipo bondi la salufa likangoduka, icho chimagwira salufa womasukayo okosijeni asanamupeze, n'kumulumikiza kwa salufa wina. Makampani ena anatsatira ndi njira zawo. Ambiri amagwiritsa ntchito timaasidi ting'onoting'ono tokhala ndi mbali ziwiri kapena zitatu zogwirira, ndipo pa mabotolo awo mudzawerenga maina monga maleic acid, succinic acid kapena citric acid. Mankhwala ena otchedwa K18 anabwera pambuyo pake ndi kachidutswa ka puloteni kamene amati kamalowa m'kati mwa tsitsi n'kukagwirizitsa timaulusi toduka.

Ndikuuzeni maganizo anga mosabisa. Zimene makampani amanena zokhudza kumanganso mabondi a salufa akatswiri odziimira paokha amazitsutsabe, ndipo chifukwa chake n'chomveka. M'kati mwa bulichi, salufa womasuka sakhalitsa. Okosijeni ali ponseponse ndipo amamupeza mofulumira. Komanso tsitsi lothiridwa mankhwalawa likapimidwa ndi makina, chimene chimaoneka bwino si kuchuluka kwa mabondi a salufa atsopano ayi, koma kuti tsitsilo limapirira kukokedwa ndi kupesedwa kuposa linzake lomwe linathiridwa bulichi yekha. Phindulo lilipo, kungoti njira imene limabwerera ndi yofatsa kuposa mmene zotsatsa malonda zimanenera.

Njirazo ndi izi, monga ndimazimvera ine. Poyamba, mankhwalawa ndi a asidi, ndiye akalowa m'mbale ya bulichi amatsitsako pH pang'ono. Tsitsi limatupa mocheperako ndipo bulichi amagwira ntchito modekhako. Chachiwiri chimene anthu ambiri sachidziwa ndi nkhani ya zitsulo. Madzi amene timachapira kumutu amasiya kopa, ayironi ndi kashiamu m'tsitsi, makamaka tsitsi lomwe linawonongekapo kale chifukwa limakoka zitsulozi kwambiri. Kopa akakumana ndi perokisaidi amaipsetsa mtima: imasweka mwachisawawa n'kutulutsa tizinthu taukali timene timadya puloteni m'malo modya melanini. Timaasidi ta mbali ziwiri timatha kugwirako zitsulozi kuti zisasokoneze kwambiri. Ndiye palinso kugwirizitsa kwenikweniko. Timaasidi timeneti timakhala pakati pa timaulusi ta keratini n'kutigwira uku ndi uku ndi mabondi a mtundu wofooka uja. Si olimba ngati a salufa, ndipo amachoka pang'onopang'ono mukamachapa, koma amathandiza pa nthawi yoopsa kwambiri, pamene tsitsi lili lonyowa, lotupa, ndipo munthu akulitsuka ndi kulipesa.

Mukaziika pamodzi mupeza kuti mankhwala a bondi amachepetsa zimene mungataye. Sabweza zimene munataya kale. N'chifukwa chake amene amathiridwa m'mbale momwemo, bulichi akugwira ntchito, ndi amene ndimawaona kuti ndi ofunika ndalama yanu kuposa onse ogula kuti muzikapaka kunyumba.

Tibwere kumutu kwanu tsopano. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho muli ndi masentimita 8 kapena kuposerapo pang'ono a tsitsi lomwe silinakhudzidwepo ndi mankhwala, ngakhale likuoneka lalifupi kuposa pamenepo chifukwa cha kupotana. Ili lili ndi mabondi ake a salufa pafupifupi onse. Lili ndi chuma choti bulichi angadyeko n'kutsalabe china, ndipo pamenepa mankhwala a bondi ali ndi choti ateteze.

Kunsonga nkhani ndi ina. Rilakisa amawongola tsitsi podula mabondi omwewo a salufa. Kaya munkagwiritsa ntchito wa sodiyamu haidirokisaidi kapena uja wosakaniza mabotolo awiri amene amati sawotcha kwambiri, onse ndi amphamvu zedi, pH yawo imafika 12 mpaka 14. Akadula bondi amachotsamo salufa mmodzi, ndipo timaulusi timagwirananso kudzera pa salufa mmodzi yekha wotsalayo. Bondi latsopanoli limatchedwa lanthiyonini, ndipo kusinthaku sikubwerera. Mabondi ena amene anadulidwa sagwirananso n'komwe. Ndiye tsitsi lanu lakunsonga likukumana ndi bulichi litataya kale gawo lalikulu la mphamvu zake, timamba take takunja titaphwanyika kale, ndipo ngati munkabwereza rilakisa n'kumafikitsa pa tsitsi lakale, malo ena anadyedwa kawiri kapena katatu. Tsitsi lotere limamwa bulichi mofulumira, limayera msanga, ndipo limafika podukira nthawi imene lakumizu lisanafike n'komwe pa mtundu wofiirira. Mankhwala a bondi angachedwetse zimenezi ndi mphindi zingapo, koma sangalibwezere mabondi amene rilakisa anachotsa.

Palinso malo amodzi amene ndimawaopa kuposa ena onse, pamene tsitsi lopotana limakumana ndi lowongoka. Pamenepo tsitsi limapindika mosiyana mbali ziwirizo, ndipo chipeso chikakoka, mphamvu yonse imathera pomwepo. Anthu ambiri amene akusiya rilakisa amaona tsitsi likudukira pamalo amenewa ngakhale sanathire kalikonse. Mukaikapo bulichi, ndi pamenepo pamene lidzayambire kugwa.

Taonaninso kutalika kwa ulendo umene mukufuna kuyenda. A ku saluni amayeza mtundu wa tsitsi ndi malevulo, kuyambira 1 amene ndi lakuda bii mpaka 10 amene ndi loyera motuwa. Lanu liyenera kuti lili pa 1 kapena 2, ndipo mtundu wa uchi uli pa 7 kapena 8. Amenewo ndi malevulo asanu mpaka asanu ndi awiri. Tsitsi lakuda likamayera limadutsa pa bulauni wofiirira, kenako lofiira, kenako olenji, kenako chikasu chagolide, ndipo pa olenji ndi pamene limakakamira nthawi yaitali. Mwasankha bwino pofuna mtundu wa uchi, chifukwa umalola kuti chikasu chitsalemo. Mukanafuna loyera mbuu lija, mukanafunika kufika pa 10, ndipo malevulo awiri omalizawo amadya tsitsi kwambiri. Kusankha mtundu wosayera kwambiri kumateteza tsitsi kuposa botolo lililonse la bondi.

Musanalole kuti bulichi afike pamutu ponse, pemphani kuti ayeze kaye pa tsitsi lochepa, ndipo muyezo wake uchitike motere. Adule timitolo titatu ta tsitsi kuchokera kunkhongo, malo obisika, adulire pafupi ndi khungu kuti kamtolo kalikonse kakhale ndi mbali yachilengedwe ndi mbali ya rilakisa. Kamtolo kalikonse kakhale kochepa, tsitsi makumi angapo n'lokwana, ndipo akamange ndi tepi kumbali yakumizu. Koyamba kasiyidwe osathira kanthu, kokhala poyerekezera. Kachiwiri kathiridwe bulichi wa divelopa wa voliyumu 20, wosakanizidwa monga mwalembedwera pa chitini, wopanda mankhwala a bondi. Kachitatu kathiridwe bulichi yemweyo koma wothiramo mankhwala a bondi. Akulunge timitolo tiwirito m'foyilo, aziyang'ana mphindi 10 zilizonse, ndipo asapitirire nthawi imene opanga bulichiyo analemba, imene kawirikawiri imakhala mphindi 45 kapena 50. Dziwani kuti tsitsi lodulidwa limayera mochedwerako kuposa lomwe lili pamutu, poti lilibe kutentha kwa thupi.

Akatsuka, musaliweruze ndi maso kapena ndi kufewa kwake. Tengani tsitsi limodzilimodzi lidakali lonyowa, muligwire ndi zala mbali ziwiri, n'kulikoka pang'onopang'ono. Tsitsi lathanzi lonyowa limatamuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wake, ndipo mukalisiya limabwerera. Lowonongeka limatamuka osabwerera, limakhala lonyololoka, ndipo lowonongeka kotheratu limananda n'kuduka popanda kulimbana nanu. Yesani mbali yakumizu payokha, mbali yakunsonga payokha, ndiponso pokumanira paja. Kenako sungani timitoloto, mutichape ndi shampu kawiri kapena katatu m'masiku otsatira, muyesenso. Ndikunena izi chifukwa mankhwala ambiri a bondi amabwera ndi zofewetsa zimene zimakuta tsitsi tsiku loyamba, ndiye lililonse limamveka bwino potuluka mu saluni. Choonadi chimaoneka zofewetsazo zikachoka.

Chimene ndikuyembekezera kuti mudzaone ndi ichi. Mbali yakumizu, pa timitolo tonse tiwiri, idzafika pa olenji n'kukhalabe ndi mphamvu, koma kamtolo ka bondi kadzabwerera msanga mukakakoka ndipo kupotana kwake kudzasungika bwino. Mwina kadzakhala kakuderako pang'ono kuposa kanzake. Kumeneko ndiye kusiyana kumene mukulipira. Mbali ya rilakisa idzayera kwambiri kuposa yakumizu, ndipo pa kamtolo kopanda bondi ikhoza kunanda. Pa kamtolo ka bondi mwina sidzananda, koma ikatamuka osabwerera, yankho ndi lomwelo: tsitsi limenelo lidzapirira tsiku la saluni, n'kuyamba kuduka pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mukulipesa kunyumba. Kuduka kochedwa kumeneku ndi kumene kumapusitsa anthu, chifukwa sakulumikizanso ndi bulichi uja. Ndipo ngati foyilo itatentha kwambiri m'manja, kapena tsitsi litayamba kuchita thovu kapena kutulutsa fungo lachilendo m'mphindi zoyambirira, atsuke nthawi yomweyo ndipo musapitirize. Chimenecho ndi chizindikiro cha zitsulo zambiri m'tsitsi, zimene nthawi zina zimachokera ku dayi wina wakuda kapena hena wosakanizidwa ndi mchere wa zitsulo. Ngati munaikapo zoterezi, muwauze a ku saluni ngakhale papita chaka.

Malangizo anga kwa inu ndi akuti mudule tsitsi la rilakisalo kaye, kenako muthire bulichi pa lachilengedwe lokha, muli ndi mankhwala a bondi m'mbale. Ndikudziwa kuti kudula utali umene munausunga zaka zambiri n'kowawa, ndipo sindikunena mopepuka. Ngati simunakonzeke, dikirani miyezi ina, muzidulako nsonga pang'onopang'ono, ndipo mtundu wa uchi uyambe mwauvala pa wigi kapena tsitsi lolukira. Koma kuthira bulichi pa nsonga za rilakisa podalira botolo la bondi kumathera pa kudula komweko, kungoti tsitsi ndi limene limasankha podukira, osati inu.

Tsiku lothira likafika, kachitidwe kake kamatha kuwononga kapena kupulumutsa phindu lonse la mankhwalawa. Ngati munaluka, masulani pasadakhale, sabata imodzi kapena kuposerapo, kuti khungu lipume. Masiku angapo tsikulo lisanafike chapani ndi shampu yochotsa zitsulo, imene pa botolo pake pamakhala dzina lakuti EDTA kapena mawu onena za madzi a mchere wambiri, ndipo kuchokera apo musachapenso kapena kukanda khungu. Wothira asakanize kaye ufa ndi divelopa mpaka zisalale, kenako athiremo mankhwala a bondi. Mlingo wake ndi wochepa kwambiri, mamililita ochepa chabe pa magalamu 30 a ufa, ndipo ayeze ndi kachipangizo kamene kamabwera ndi botolo motsatira zolembedwa pamenepo, osati kungothira ndi diso. Kuchulutsa sikuwonjezera chitetezo. Kumafooketsa bulichi, tsitsi limakakamira pa lofiira, ndipo pamapeto pake amakuthirani kachiwiri tsiku lomwelo, zimene ndi zoipa kuposa kusathira bondi n'komwe.

Apa pali msampha umene ndimauona kawirikawiri. Chifukwa mankhwalawa amachedwetsako kuyera kwa tsitsi, othira ena amakweza divelopa kuchoka pa 20 kufika pa 30 kapena 40, kapena amakuikani m'chowumitsira tsitsi kuti zifulumire, poganiza kuti bondi iwateteza. Zikatero zimene mankhwala anapulumutsa zimabwezedwa ku moto. Pa tsitsi lopotana kwambiri, limene mwachibadwa lili ndi malo opyapyala pa mapindikidwe ake, ine sindipitirira voliyumu 20, ndipo voliyumu 40 siyenera kukhudza khungu la mutu wa munthu aliyense. Bulichi ayambe kupakidwa posiya sentimita imodzi kapena ziwiri kuchokera pakhungu, mizu ibwere pomaliza chifukwa kutentha kwa mutu kumaifulumizitsa. Apake mokwanira kuti asaume, poti bulichi wouma amasiya kuyeretsa n'kusiya mawangamawanga amene amafuna kubwerezedwa.

Ulendo woyamba ukathera pa olenji, muime pomwepo. Atsuke bwinobwino ndi madzi ofunda pang'ono, apake gawo lachiwiri la mankhwala a bondi shampu isanafike, ndipo alisiye mphindi zosachepera 10. Gawo limeneli ena amalidumpha akakhala ndi makasitomala ambiri, koma ndi limene limatsitsa pH ndi kugwira tsitsi pamene lili lofooka kwambiri, ndiye mulifunse. Tona, amene ndi dayi wopepuka wokonzera mtundu bulichi akatha, wa mtundu wa kopa kapena bulauni wowala, wosakanizidwa ndi divelopa wofooka, adzakupatsani mtundu wooneka bwino woti muyende nawo. Pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, muyesenso kukoka tsitsi lonyowa, ndipo likabwerera bwino, ulendo wachiwiri udzakufikitsani pa 7 kapena 8. Tsitsi silichira pa sabata zimenezo, poti si chinthu chamoyo; chimene mukudikira ndi kuti khungu lipole ndiponso kuti muone mmene tsitsi lapiririra musanawonjezere.

Pa ulendo wachiwiriwo ndi pamene mankhwala a bondi amaonetsa phindu lake lenileni. Amathandiza kwambiri pa tsitsi lomwe lili pakati: lataya mabondi ena koma lidakali ndi ambiri oti atetezedwe. Ndi chimodzimodzi pa tsitsi lopyapyala, pa munthu amene akuchotsa dayi wakuda amene anamubwereza zaka zambiri, ndi pothira mizu yatsopano, pamene bulichi amasefukira pang'ono pa tsitsi loyera kale ngakhale wothira asamale bwanji. Kumbali inayo, munthu wa tsitsi lokhuthala losakhudzidwa ndi mankhwala amene akungokweza levulo imodzi kapena ziwiri pa timizere tochepa sadzaona kusiyana kwenikweni, ndipo pa dayi wongodetsa tsitsi phindu lake ndi lochepa kwambiri. Ndiye mwayankhidwa pa nkhani ya ndalama ija: pa malevulo asanu kapena kuposerapo amene mukufuna, kulipira n'koyenera.

Chinthu chimodzi musachiiwale: mankhwalawa amagwira ntchito pa tsitsi, osati pa khungu. Saletsa bulichi kuwotcha. Kunyerenyetsa pang'ono kumachitika, koma kuwawa ngati moto ndi chizindikiro choti atsuke msanga, musapirire. Pesalufeti amatha kuyambitsa ziwengo mwadzidzidzi, kutupa nkhope, kapena kubanika, makamaka kwa odwala mphumu, ndipo zikatero atsuke pomwepo n'kuthamangira kuchipatala. Ngati pakhungu pali zilonda kapena mwakandika, tsikulo lisinthidwe.

Za kunyumba ndinena mwachidule. Mankhwala a bondi opaka nokha amathandiza chifukwa mabondi ofooka aja amachoka pochapa ndipo amafuna kubwezeretsedwa. Olaplex No.3 imapakidwa pa tsitsi lonyowa pang'ono musanachape, kwa nthawi imene yalembedwa pa botolo, ndipo kamodzi pa sabata n'kokwana kwa ambiri. K18 imapakidwa mukachapa ndi shampu, musanaike kondishona, n'kudikira mphindi 4 osaitsuka. Onsewa si mafuta ndipo si kondishona. Tsitsi la bulichi lataya kamafuta kake kakunja, ndiye likufunabe kondishona nthawi iliyonse mukachapa, ndipo mulimasule ndi zala kapena chipeso cha mano otalikirana kondishonayo adakali m'mutu, kuyambira kunsonga kukwera. Chitsulo chowongolera tsitsi muchipumitse, makamaka miyezi yoyamba.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, yang'anani zimene zatsala pa chipeso. Tsitsi lalitali lokhala ndi kamutu koyera kumapeto ndi lomwe lagwa lokha kuchokera kumizu, ndipo munthu aliyense amataya 50 mpaka 100 otere patsiku. Tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu ndi tsitsi loduka. Tikamachuluka sabata ndi sabata, kapena kupotana kwa tsitsi lanu kukamasuka malo ena n'kukhala kolendewera likanyowa, ulendo wachiwiri wa bulichi uimitsidwe, nsonga zidulidwe, ndipo mukhale pa mtundu umene mwafikapowo. Ndipo ngati tsiku lina mudzafuna kubwerera ku rilakisa, musadzamuike pa tsitsi lililonse lomwe linakhudzidwa ndi bulichi, kaya linathiridwa bondi kapena ayi. Mudikire mpaka loyeralo litadulidwa lonse.